Mzere Womaliza wa Mbiri ya Amuna Anga

Titasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe pamodzi ndi boma, anatipatsa nyumba ku Area 12 ya zipinda zogona zitatu. Amuna anga anali atangokwezedwa kumene pantchito, ndipo nyumbayo inabwera ndi udindowo, osafunsa kuti m'banjamo muli anthu angati. Tinalimo awiri. Chipinda china ndinaikamo makina osokera, chinacho masutikesi, ndipo Loweruka lililonse ndinkazikolopa ngati mumagona anthu.

Ine ndinali taipisiti pa ofesi ina ya boma ku City Centre. Masiku amenewo kunali fumbi lofiira, nyumba zazitali zongotha kumene, ndi misewu ya tara yokathera m'tchire. Anzanga tsiku ndi tsiku ankalira Zomba: phiri, madzi ozizira, msika wodzaza zipatso. Ndinkalira nawo pakamwa pokha. Mumtima ndinali wokondwa, chifukwa ku Zomba ngakhale wogulitsa makala ankadziwa kuti ndakhala pabanja zaka zambiri osaberekako mwana. Ankadziwa zipatala zomwe ndinapita, ankadziwa asing'anga omwe apongozi anga anandikokerako. Ndikalowa m'tchalitchi ndinkamva maso kumsana.

Ku Lilongwe tinkapemphera ku Old Town, poti kufupi ndi kwathu kunalibe tchalitchi cha mpingo wathu. Akhristu ambiri kumeneko anali eni dera, ochokera m'midzi yozungulira, ena amalonda, ena alonda ndi ogwira ntchito m'nyumba za ku Area 10. A kuofesi odziwa za ine ankapemphera kwina. Pabenchi yanga ndinkakhala ndi mayi wina wogulitsa nsalu pamsika, wa thupi lake ndi mawu ake, woseka mpaka kutsokomola. Sabata loyamba anandigwira dzanja n'kundipatsa moni wonse wathunthu.

"Mwadzuka bwanji mayi? Bambo ali bwanji? Nanga ana?"

"Ali bwino," ndinatero. Moni amayankha choncho. Palibe amene amayamba kufotokoza za m'mimba mwake pakhomo la tchalitchi.

"Munawasiya ku Zomba kusukulu eti? Mwachita bwino, kuno sukulu n'zodzaza."

Mabanja ambiri osamuka anachitadi zimenezo, anasiya ana kwa abale kuti amalize kaye maphunziro. Ine sindinavomere, sindinakane, ndinangomwetulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinali mayi ngati amayi ena onse, ndipo sabata lililonse ana anga a ku Zomba ankadzuka bwino. Zinkandichititsa manyazi, koma zinali zokoma. Ndikamabwerera kunyumba m'galimoto ndinkakhala chete kuti kukomako kusathe msanga.

Patapita nthawi mpingo unasankha amuna anga kukhala mmodzi wa akulu a mpingo. Mlembi wa mpingo, bambo wachikulire amene adaphunzitsapo sukulu, anauza osankhidwa onse kuti aliyense abweretse mbiri yake yachidule, adzaiwerenge iye mwini pamaso pa anthu tsiku lowakhazika. Amuna anga anamva mawu oti mbiri, oti yachidule anawadutsa. Anakhala pakhonde ndi cholembera chawo cha inki masana onse a Loweruka, ndipo Lolemba m'mawa anandipatsa mapepala anayi odzaza mpaka pansi.

"Mukandimenyere pamakina pa nthawi yopuma," anatero. "Musasinthe kanthu."

Ndinawerenga ku ofesi ndikudya chinangwa. Mbiriyo inayamba motere: "Ine ndidabadwa m'chaka cha mvula yambiri, ndipo ndili wakhanda anthu adaona kale kuti ndidzakhala munthu wosiyana ndi anzanga." Munali mayeso aliwonse omwe adakhoza, mzungu aliyense amene adawagwira chanza, ngakhale njinga yomwe adagula ali mnyamata. Mawu oti "mwaluso" ndi "mopambana" anali mbwee ngati nyerere pashuga. Ndinaganiza za alonda aja, ndi mayi wansalu uja akubisa kuseka m'chitenje, ndipo ndinaika mapepalawo pansi pa failo kuti mnzanga wa tebulo lapafupi asaone.

Amuna anga sanali munthu woipa, koma anali munthu woti ukamuuza zolakwa zitatu nthawi imodzi amamva chimodzi chokha, chakuti wamunyoza. Abwana anga a ku ofesi anali ndi njira yawo yokonzera makalata a anyamata atsopano. Ankabweza kalata ndi chinthu chimodzi chokha cholembedwa m'mbali ndi pensulo. Ukakonza, ankakupatsa china. Ankati munthu akamakonza zonse pamodzi amaononga ndi zabwino zomwe. Ndinaganiza zoyesa njira imeneyo kunyumba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Madzulo titaweruka ndinawapatsa tiyi pakhonde, n'kudikira amwe kaye.

"Bambo, mbiri ija ndawerenga. Nkhani zake n'zabwino, makamaka pa ubatizo wanu paja. Ndili ndi funso limodzi lokha. Adzawerenge ndani?"

"A mlembi."

"Ndiye a mlembi akadzaima kutsogolo n'kunena kuti 'ine ndidabadwa,' anthu adzati wabadwa ndani?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenaka anaseka pang'ono. "Chabwino. Tisinthe pakhale 'iwo.'"

"Tiyeni tiyese," ndinatero, n'kuimirira ngati mlembi. Ndinawerenga mokweza: "Iwo adakhoza mayeso mopambana kuposa onse, ndipo aphunzitsi adazizwa ndi nzeru zawo." Wolima m'dimba mwathu, amene ankathirira maluwa chapafupi, anazungulira kuseri kwa nyumba ndi mpaipi wake womwe. Amuna anga anakanda m'mutu.

"Zikumveka ngati pamaliro," anatero.

"Pamaliro mwini wake samva. Inu mudzakhala mutakhala pomwepo, anthu akukuyang'anani."

Tsiku limenelo sindinakhudze kutalika kwake ngakhale pang'ono. Ndinangowapempha kuti paliponse pomwe adziyamikira asiye chochitikacho chokha. "Adakhoza mayeso" ayime pomwepo. Oyamikira ayamikire okha. Anatenga mapepala awo mong'ung'udza, koma m'mawa mwake mawu oti "mopambana" anali atakhwatchidwa onse, kupatula malo amodzi omwe anati sangalolere. Ndinawasiyira, podziwa kuti adzagwa okha paulendo wachiwiri.

Ulendo wachiwiriwo unali wa kutalika. Ndinamenya pamakina zomwe anakonzazo, zinakwana masamba atatu. Lamulungu ndinafunsa a mlembi kuti chidule chawocho n'chotalika bwanji, ndipo anatambasula chala chachikulu ndi chamkombaphala. "Theka la tsamba, mayi. Osankhidwa alipo angapo, ndiye pali ulaliki, pali mgonero. Ikatalika ndimadumpha ndekha." Mawu omalizawa ndi amene ndinapita nawo kunyumba.

"Bambo, a mlembi akuti ikatalika amadumpha okha. Ndi bwino mudule inu mwini wake, kusiyana n'kuti adule munthu wosadziwa chofunika n'chiti."

"Ndidule chiyani? Zonsezi ndi moyo wanga."

"Moyo wanu ndi wanu, palibe akuulanda. Koma pa chiganizo chilichonse tifunse kuti, mkhristu wa ku Old Town akapanda kumva ichi, adzakudziwani mochepa ngati mkulu wa mpingo?"

Tinayamba ndi njinga. Anaiteteza kwambiri njinga ija, anati ndiyo inkawafikitsa ku kwaya. Ndinati ndiye tisunge kwaya, njinga ipume. Azungu ogwirana nawo chanza anatuluka onse pamzere. Masukulu anayi analowa m'chiganizo chimodzi. Maudindo a ku ofesi, kuyambira ukalaliki mpaka pomwe anafika, tinangosunga woyamba ndi womaliza. Ndinkakhwatcha mopepuka ndi pensulo kuti akafuna abwezeretse, ndipo ziwiri anabwezeretsadi. Kunena zoona ntchitoyo inayamba kundikoma. Ndinkadziona wanzeru, mkazi wopulumutsa mwamuna wake ku chitonzo. Tinafika pa tsamba limodzi, kenaka pa theka ndi mizere iwiri.

Ulendo wachitatu ndinawauza za chimene chiyenera kukhala patsogolo. Mbiri yawo inkatsogoza za boma, za mpingo zili mmunsi ngati zoiwalika.

"Anthu aja sakukusankhani kuti mukawasungire mafailo," ndinatero. "Ambiri a iwo amalondera mageti a mabwana. Mukayamba ndi udindo, adzaona bwana. Za ntchito zikhale chiganizo chimodzi. Zaka zomwe munaphunzitsa kalasi ya ubatizo, ndi zoyendera odwala zija, zikwere pamwamba, zipatsidwe malo."

Apa sanatsutse. Anangoti, "Ikani monga momwe amawerengera za anzathu."

Ndinapita nazo ku ofesi, n'kulowetsa pepala loyera ndi kaboni wake m'makina. Mbiri za m'tchalitchi ndinali nditamva zambirimbiri, ndondomeko yake ndinkaidziwa ngati nyimbo. Kubadwa, mudzi, mfumu ndi boma. Ubatizo. Sukulu. Ntchito za mumpingo, ntchito yolembedwa. Zala zanga zinkathamanga zokha. Kenaka zinafika pamzere womaliza n'kuima m'mwamba. Mbiri iliyonse imatha chimodzimodzi: ali pabanja, ndipo Mulungu adawadalitsa ndi ana akutiakuti, amuna angati, akazi angati. Ndi pamene amayi amalulutira.

Ndinabwerera ku mapepala anayi oyamba aja kukaona kuti iwo analemba chiyani pamenepo. Za banja zinali pakati pa tsamba lachitatu, zopanikizika pakati pa mayeso ena ndi ulendo wina wa ku Blantyre, mawu ochepa oti "nditakwatira ndidapitiriza maphunziro." Munthu akanadutsa osaona, ndipo inenso ndinali nditawadula pamodzi ndi ulendowo. Tsopano panalibe njinga, panalibe azungu, panalibe chobisalamo. Panatsala theka la tsamba loyera bwino, lolunjika, ndipo kumapeto kwake kunali ine. Walira mvula walira matope.

Ndinamenya mawu awiri, "Ali pabanja," n'kuika mpumiro. Ndinatulutsa pepalalo n'kupita nalo kunyumba.

Amuna anga anawerenga pakhonde mpaka pansi, n'kuvula magalasi.

"Lero ndi nthawi yanga yopereka ndemanga," anatero. "Kamvekedwe kali bwino. Kutalika kuli bwino. Koma mzere womalizawu mwaudula kwambiri."

"Mwaona nokha kuti malo ndi ochepa."

"Mayi, musandinamize ine." Anayang'ana mpanda. "Mukuganiza kuti sindinamve kuti yachidule? Njinga ija ndinkaikondadi, sindikana. Koma ndinkafunanso kuti a mlembi atope asanafike pamenepa, azingodumpha, anthu aziganiza za mpunga wa kunyumba."

Sindinathe kuwayang'ana. Masabata onsewo ndinkachita manyazi ndi kudzitama kwawo, osadziwa kuti mbali ina anali kundifunditsa chitenje. Ndipo ine ndi pensulo yanga ndinachivula ndekha, mzere ndi mzere, ndikudziyamikira.

"Ndiye tibwezeretse zakale," ndinatero.

"Ayi. Iyi ndiyo yabwino, ndipo inu mukudziwa. Koma tikasiya chonchi tasiya khomo lotsegula. Tinene tokha, mwa mawu athu, zithe."

Tinayesa, ndipo mzere umodziwo unativuta kuposa masamba anayi aja. Iwo anati tilembe "Alibe ana." Ndinati zikumveka ngati khadi la kuchipatala. Anati "Mulungu sadawapatse mphatso ya ana." Ndinati kumeneko n'kumuimba Mulungu mlandu m'nyumba mwake, komanso kupempha chisoni, ndipo ine chisoni cha anthu ndinachikhuta ku Zomba. Ine ndinati nanga "akudikirabe pa Ambuye"? Anandiyang'ana mwachifundo, chifukwa tonse tinkadziwa kuti kudikira tinasiya kale. Pomaliza analemba ndi dzanja lawo mmunsi mwa pepala: "Ali pabanja, ndipo m'nyumba mwawo alimo awiri, iwo ndi mayi."

"Palibe bodza, palibe kulira," anatero. "Koma womenya makina ndinu. Chimene simungathe kuchimva chikuwerengedwa, musachilembe."

Anali mawu abwino. Ndinawaona kuti ndi abwino, ine amene ndinakhala ndikuwaphunzitsa za mawu. Koma ndikatseka maso ndinkaona mayi wansalu uja akutembenuka pabenchi, akuwerenga masabata onse omwe ana anga anadzuka bwino. Ndinadziuza kuti mbiri ndi ya amuna anga, si yanga, ndipo mawu awiri akwanira. A mlembi awerenga, apinda pepala, aitana dzina lotsatira. Ndinamenya "Ali pabanja," n'kupereka. Amuna anga ataona pepalalo, anangolipinda n'kuika m'thumba la jekete.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Osankhidwa anakhala kutsogolo atayang'ana anthu. A mlembi anawerenga mbiri ya woyamba, ana asanu ndi awiri, nthungululu. Wachiwiri, mlonda wa ku Area 10, ana asanu ndi zidzukulu, nthungululu. Amuna anga anali achitatu. Mbiri yawo inayenda bwino, ndiyenera kunena. Inali yaifupi, yaulemu, ndipo pa zoyendera odwala ndinamva akuluakulu akuvomera m'khosi. Mayi wansalu anandigunda ndi chigongono, "Bambo anu ndi munthu wodzichepetsa."

A mlembi anafika pamzere womaliza. Munthu amene wawerenga mbiri zaka zonsezo sayang'ananso pepala akafika pamenepo, pakamwa pamadziwa njira pokha.

"Ali pabanja," anatero akukweza mutu, "ndipo Mulungu adawadalitsa ndi ana..."

Anayang'ana papepala. Analitembenuza kuseri. Analitembenuzanso. Amayi anali atakweza kale manja kukamwa, kudikira nambala kuti alulutire. A mlembi anaseka pang'ono, poganiza kuti womenya makina waiwala, n'kutembenukira kwa amuna anga mwachimwemwe.

"Apa asiya mzere. Angati, bambo?"

Ndinkafuna simenti ing'ambike. Ndinayang'ana nsapato zanga, ndipo ndimakumbukira mpaka lero kuti imodzi inali ndi fumbi lofiira kunsonga.

Amuna anga anaimirira, n'kumanga batani la jekete. Munthu uja wa masamba anayi analankhula mawu ochepa kuposa onse amene ndinawamvapo.

"Palibe, a mlembi. M'nyumba mwathu tilimo awiri, ine ndi mayi ali apowo."

Ndipo anandiloza ndi dzanja lonse, mwaulemu, monga amalozera mlendo wolemekezeka. Mkazi wa mkulu wa mpingo akatchulidwa amaimirira kuti mpingo umuone. Akazi a osankhidwa awiri oyamba aja anali ataimirira pakati pa nthungululu. Ine ndinagwira benchi yakutsogolo n'kudzikoka, ndipo ndinaima m'kachetechete, tchalitchi chonse chikundiona. Manja a amayi anatsika pang'onopang'ono. A mlembi anati "Pepani," mawu amene anandipweteka kuposa funso lija, n'kufulumira kuitana wachinayi.

Zotsala za mapempherowo sindikuzikumbukira. Tikutuluka ndinadutsa khomo la kumbali n'kukadikira m'galimoto, mawindo otseka, dzuwa likuotcha. Amuna anga atabwera sanandidzudzule. Tinadutsa mlatho, tinakwera msewu wa ku City Centre, ndipo chapafupi ndi kwathu ndi pomwe ndinatsegula pakamwa.

"Mzere wanu uja unali wabwino," ndinatero.

"Wawerengedwabe," anatero.

Sabata lotsatira ndinati mutu ukundipweteka. Linalo ndinasowa chonamizira, ndinavala n'kupita. Mayi wansalu anali pakhomo, pamalo pake pa nthawi zonse, ndipo panalibe njira yomulambalala. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Mwadzuka bwanji mayi? Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino."

Ndinaona milomo yake ikukonzekera funso lachitatu, monga inazolowera. Analimeza. Sanasiye dzanja langa, sanaseke, sanandiyang'ane mwachisoni. Anangondikokera mkati.

"Tiyeni," anatero, "ndakusungirani malo."

Ndinakhala pambali pake, pabenchi yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo palibe anandifunsanso za ana ku Old Town, ndipo kwa nthawi yaitali, pakhomo paja, ndinkalisowa funsolo.